Tenda yogwa isanawerengedwe

Kalatayo inali ya mizere inayi yokha. Inatithokoza chifukwa chopikisana nawo, kenako n'kutiuza kuti pulopozo yathu sinadutse gawo loyamba chifukwa munalibe maakawunti a zaka zitatu otsimikizidwa ndi oditala. Tinali titaikamo a zaka ziwiri. Achitatuwo anali amene anakonza akawuntanti wathu muofesi momwemo, opanda saini kapena chidindo cha oditala. Tinali titagona mochedwa kwa masabata atatu, tikulemba masamba 60 ofotokoza m'mene tidzagwirire ntchitoyo, ndipo masamba onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anawawerenga.

Titabwerera ku chikalata chotiitanira ntchitoyo tinawapeza mawuwo ali phee m'munsi mwa fomu ina, m'zilembo zing'onozing'ono. Chopweteka n'chakuti tonse anayi tinali titachiwerenga chikalatacho. Koma aliyense anawerenga pomwe pankamukhudza: wa ndalama anathamangira ku mafomu a mitengo, katswiri wathu wa zamadzi anamira m'gawo lofotokoza ntchito, bwana anayang'ana tsiku lotsekera basi. Mawu ang'onoang'ono aja analibe mwini.

Anthu ambiri amene sanakhalepo m'chipinda chounikiramo matenda amaganiza kuti komiti imayamba n'kuwerenga nzeru zanu. Sizitero ayi. Bungwe likafuna kulemba kampani ntchito, limatulutsa chikalata chopempha makampani kuti afotokoze m'mene angaigwirire komanso mtengo wake. Chikalatachi ambiri amangochitchula ndi zilembo zitatu, RFP. Mayankho akabwera, komiti imayamba ndi pepala la mafunso a inde kapena ayi. Kodi yafika nthawi isanakwane? Kodi kalata yoperekera yasainidwa? Kodi satifiketi ya MRA yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho ilimo, ndipo sinathe ntchito? Ikakhala ntchito ya boma, kodi kampaniyi inalembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma lomwe linabwera ndi lamulo la 2017? Akangolemba ayi pamalo amodzi ofunika, mtolo wanu wonse umaikidwa pambali. Kupereka malikisi kumayamba pambuyo pake, kwa otsala okha.

Choncho wolemba tenda wochenjera amadzipangira yekha pepala lija komiti isanalitulutse. Amatenga chikalata chonse n'kuzulamo chilichonse chimene akulamulidwa kuchita, kupereka kapena kukhala nacho, n'kuchiika pa mzere wakewake mu tebulo. A ntchitoyi amati komplayansi metiriki. Ife tingoti tebulo la zofunika. Limapangidwa pa Excel, ngakhale kope la sukulu lojambulidwa mizere ndi lula likhoza kugwira ntchito yomweyo.

Kuti tione bwino, titenge ntchito ina yomwe ndinathandiza kampani yaing'ono ya akatswiri a zamadzi. Bungwe lina linkafuna kampani yoti iyendere mijigo m'boma lina, ilembe yomwe ikugwira ntchito ndi yomwe inafa, iyeze ukhondo wa madzi, kenako ipereke lipoti. Chikalatacho chinali cha masamba 54, chosanjidwa motengera zikalata za Banki Yaikulu ya Padziko Lonse, zomwe mabungwe ambiri kuno amakoperako. Muli kalata yoitana, malangizo kwa opikisana, kenako pepala la mfundo zapadera za ntchito imeneyi lomwe amati deta shiti, mafomu a luso olembedwa TECH-1 mpaka TECH-6, mafomu a ndalama oyambira pa FIN-1, gawo lofotokoza ntchito yeniyeniyo lomwe amati TOR, ndipo kumapeto kuli chitsanzo cha kontirakiti yomwe wopambana adzasaine.

Aliyense amakopeka ndi TOR, chifukwa ndi m'mene muli nkhani ya mijigo. Koma zogwetsa zambiri sizikhala m'menemo. Zimakhala m'malangizo ndi mu deta shiti, masamba ouma omwe maso amangotsetsereka nawo. Malangizo aja amakhala ofanana m'matenda ambiri, ndiye munthu amene analembapo matenda asanu amati ndikuwadziwa kale. Deta shiti ndi imene imasintha malangizowo kuti agwirizane ndi ntchito ya lero, ndipo ziwirizi zikasemphana, mawu a deta shiti ndi amene amapambana. M'menemo ndi momwe mumalembedwa kuti makope akhale angati, mitengo ilembedwe m'makwacha kapena m'madola, msonkho uphatikizidwe kapena ulembedwe padera, mafunso atumizidwe pofika liti. Ine ndimayamba ndi deta shiti, ndime ndi ndime, chala chili pa ndime yofanana nayo m'malangizo. TOR imabwera pachitatu, mafomu atatha.

Ulendo woyamba ndimawerenga pa pepala losindikiza, cholembera chili m'manja, kuyambira pa chikuto mpaka tsamba lomaliza la kontirakiti. Kompyuta imabwera pambuyo, kudzagwira zimene maso aphonya. Popeza zikalatazi zimalembedwa m'Chingerezi, mumatsegula failo, n'kudina `Ctrl+F`, n'kufufuza mawu olamula limodzilimodzi. Odziwika ndi `shall` ndi `must`. Koma woimira pomwepo wagwira mbewa za kukhomo kwa una zokha. Malamulo ambiri amabwera opanda mawu awiriwa, ndiye fufuzaninso awa:

```
required
at least
not exceed
no later than
failure to
rejected
only
```

Mawu akuti `failure to` ndi `rejected` ndi amtengo wapatali, chifukwa pomwe ali ndi pomwe bungwe lanena poyera kuti mukapanda kuchita ichi mwatuluka. Mawu akuti `should` ndi ofewerapo, ndipo `may` amangokupatsani ufulu wosankha, ngakhale alembi ena a zikalatazi amasakaniza mawuwa mosaganiza, moti `should` wina amakhala lamulo lenileni. Ine `should` aliyense ndimamulowetsa mu tebulo, n'kumuika chizindikiro.

Pali msampha wina wa pa kompyuta. Zikalata zina zimakhala zithunzi chabe za mapepala omwe anasindikizidwa, kudindidwa, kenako n'kujambulidwa. Mukafufuza `shall` mu failo yotere, kompyuta imayankha kuti palibe, inu n'kupumira m'mwamba. Yesani kaye kufufuza `the`. Akapanda kupezeka ngakhale mmodzi, dziwani kuti mwagwira chithunzi, ndipo muyenera kuwerenga ndi maso anu kawiri. Nthawi zina ndi masamba ochepa okha amene ali zithunzi, makamaka mafomu owonjezera kumapeto, ndipo ndi m'menemo momwe tinagwera ife tsiku lija.

Komanso si `shall` aliyense amene ndi wanu. Ena amanena zimene bungwe lolemba ntchitolo lidzachite, monga kupereka mndandanda wa mijigo kapena kalata yokudziwitsani kwa mafumu. Amenewa muwalembe pa tsamba lina. Sangakugwetseni, koma amakuuzani zimene simuyenera kuziikira mtengo.

Tsopano pa mtima pa ntchito yonseyi: mzere umodzi, lamulo limodzi. Zikumveka zophweka mpaka mutakumana ndi chiganizo ngati chomwe chinali mu chikalata cha mijigo chija. Tikachimasulira chinkati mtsogoleri wa timu akhale ndi digiri yachiwiri ya zamadzi apansi pa nthaka kapena maphunziro ofanana nayo, akhale atagwira ntchitoyi zaka zosachepera 10, zisanu mwa izo ali mtsogoleri, akhale atagwirapo ntchito ziwiri zofanana ndi iyi m'zaka zisanu zapitazi, ndipo CV yake isainidwe ndi iye mwini komanso woimira kampani.

Mnyamata amene ndinkamuphunzitsa ntchito analemba mzere umodzi: "Mtsogoleri woyenera, CV ilipo." Pambali n'kuikapo inde. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, inde ameneyu akuyankha funso liti?" Anayang'ana chiganizocho kanthawi, n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Digiri, ndi chimodzi. Kuti digiriyo ikhale ya zamadzi, chachiwiri. Zaka 10, chachitatu. Zaka zisanu za utsogoleri, chachinayi. Ntchito ziwiri zofanana, chachisanu. Kuti ntchitozo zikhale za m'zaka zisanu zapitazi, chachisanu n'chimodzi. Saini ya mwiniwake, saini ya kampani. Zinthu zisanu n'zitatu m'chiganizo chimodzi.

Titaziika pa mizere isanu n'itatu, zinthu ziwiri zinatulukira zomwe inde uja anakwirira. Mayi amene tinkafuna kuti atsogolere anali ndi ntchito zofanana zitatu, koma imodzi yokha ndi yomwe inagwiridwa m'zaka zisanu zapitazi. Zinazo zinali zakale. Titawaimbira foni anakumbukira ntchito ina ya chaka chathachi yomwe sanailembe pa CV poganiza kuti inali yaing'ono. Inalowa. Chachiwiri, mayiwo anali ku ntchito ina kumudzi, kutali ndi tauni, ndipo saini yawo inkafunika masiku anayi kuti ipite ndi kubwera. Tikanadziwa izi usiku womaliza, bwenzi wina ataganiza zowasainira, zomwe ndi chinyengo choti kampani n'kuletsedwa nacho kupikisana pa matenda.

Lamulo losavuta ndi ili: paliponse pamene pali "ndi", "komanso" kapena mpumiro pakati pa zofunika, dulani. Pamene pali "kapena", musadule, koma lembani mbali yomwe mwasankha kuyankha. Ndipo nambala iliyonse, kaya ndi ya zaka, masamba, makope kapena makwacha, iyenera kuonekera pa mzere wake monga inalembedwera.

Ichi n'chifukwa chake mu tebulo timakopera mawu enieni a chikalatacho, osati chidule chathu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu akafupikitsa chiganizo amataya timawu timene amationa ngati topanda ntchito, pomwe ndi timene timanyamula lamulo. "Maakawunti a zaka zitatu otsimikizidwa ndi oditala" amasanduka "maakawunti". "Kope lotsimikizidwa ndi loya" limasanduka "fotokope". Katswiri amene adzalembe gawo lake sadzatsegulanso chikalata chachikulu chija, adzadalira tebulo lanu. Ngati mukufuna kumasulira m'Chichewa kuti anzanu amve bwino, chitani m'danga lina pambali, mawu enieniwo akhalebe pomwepo.

Madanga a tebulo safunika kuchuluka. Loyamba ndi nambala ya mzere. Lachiwiri ndi komwe lamulolo lachokera, ndipo mulembe gawo, ndime ndi tsamba, kuti wokayika akadzionere yekha m'masekondi ochepa. Lachitatu ndi mawu enieni aja. Lachinayi ndi mtundu wa lamulo. Kenako umboni umene tidzapereke, dzina la munthu mmodzi amene auyang'anire, tsiku lomwe aubweretse, tsamba la pulopozo yathu pomwe yankho lili, ndipo pomaliza danga lonena ngati zatheka.

Danga la mtundu wa lamulo ndi limene limathandiza kugawa mphamvu. Malamulo ena ndi ogwetsa: mukaphonya mwatuluka, ngakhale zina zonse zikhale zokoma bwanji. Ena ndi a malikisi: mukafooka mumataya mapointi koma muli mu mpikisano. Ena ndi a pambuyo, omwe adzagwire ntchito mukapambana, monga inshuwalansi kapena tsiku lopereka lipoti loyamba. Amenewa sakufuna pepala lero, koma akufuna kuti muwawerengere mu mtengo ndi mu ndondomeko ya masiku. Chikalata cha mijigo chinatipatsa mizere 73. Mwa imeneyi 19 inali yogwetsa, ndipo pa 19 imeneyo, itatu yokha ndi yomwe inachokera mu TOR.

Umodzi mwa mizere yogwetsayo ndi woyenera kuutchula, chifukwa umagwira ngakhale akaluso. Pulopozo ya luso ndi ya ndalama zimaikidwa m'maenvulopu awiri osiyana, kuti opereka malikisi asaone mtengo asanamalize kuyeza luso. Malangizo amanena kuti pulopozo ya luso ikapezeka ndi nkhani ya mitengo idzakanidwa. Aliyense amamvetsa zimenezi, komabe katswiri polemba ndondomeko ya ntchito amatha kuikamo katebulo kosonyeza kuti kuyeza madzi a mjigo umodzi kudzadya ndalama zakuti. Lamulo loletsa ngati ili lilibe pepala loti muliike ngati umboni. Umboni wake ndi munthu amene wapatsidwa ntchito yofufuza `MK`, `MWK` ndi `USD` mu failo yonse ya luso isanasindikizidwe, n'kusaina kuti sanapeze kanthu.

Danga la umboni nalo lili ndi khalidwe lake. Mawu akuti "tili nacho" si umboni. Umboni ndi chinthu chimene mlendo angachigwire ndi dzanja: satifiketi yakuti, yotha ntchito tsiku lakuti, ili pa tsamba lakuti. Ndipo pa danga la dzina musalembe "ofesi" kapena "a ndalama". Lembani munthu mmodzi. Mzere wa anthu awiri ndi mzere wopanda mwini.

Mukamadzaza tebulo mudzaona malo omwe chikalata chikudzitsutsa chokha. M'chathu chija, TOR inatchula akatswiri atatu, koma pogawa malikisi panali anayi, wachinayiyo wodziwa kujambula mapu pa kompyuta, ndipo anali ndi malikisi 8 mwa 50 a akatswiri. Popeza kuti envulopu ya ndalama itsegulidwe pankafunika malikisi 70 mwa 100, asanu n'atatuwo sanali oseweretsa. Apa musaganizire nokha, ndipo musaimbire mnzanu wa mkati mwa bungwelo. Safunsa anadya phula, koma kufunsa kwa pa tenda kuli ndi njira yake: mumalemba kalata kapena imelo ku adiresi yomwe yaperekedwa, tsiku la mafunso lisanadutse, mukutchula ndime ziwiri zosemphanazo. Yankho limatumizidwa kwa opikisana onse popanda kutchula amene anafunsa. Tsiku la mafunso limafika msanga kuposa lotsekera, ndiye tebulo lomwe lapangidwa sabata yomaliza silingakuthandizeni pamenepa. Liyenera kukhala litatha pa tsiku lachiwiri chilandirireni chikalata.

Yankho linabwera ngati chikalata chowonjezera, chomwe amati adendamu. Linati akatswiri ndi anayi, ndipo pofuna kutipatsa mpata wopeza wachinayiyo, tsiku lotsekera linasunthidwa kuchoka pa 14 Malichi kufika pa 28 Malichi. Muofesi munali chisangalalo. Koma adendamu ndi mbali ya chikalata, ndipo ikafika tebulo lonse liyenera kuyendedwanso. Panali mzere wonena kuti pulopozo yathu ikhale yogwira ntchito kwa masiku 90 kuchokera pa tsiku lotsekera. Kuwerenga kuchokera pa 14 Malichi kumafika pa 12 Juni, ndipo tinali titalemba kale tsiku limeneli mu kalata ya TECH-1. Kuchokera pa 28 Malichi kumafika pa 26 Juni. Tikanasiya tsiku lakale, pulopozo yathu ikanaperewera masiku 14 ndipo ikanakanidwa. Pa matenda a katundu ndi zomangamanga, pomwe pamafunikanso kalata ya chikole yochokera kubanki, vutoli limakula, chifukwa m'zikalata zotengera za Banki Yaikulu ija chikolecho chimayenera kupitirira ndi masiku 28. Ndiye kuti chikanayenera kusuntha kuchoka pa 10 Julayi kufika pa 24 Julayi, ndipo banki silemba kalata yatsopano tsiku lomwelo. Kusuntha kwa tsiku limodzi kunakhudza mizere isanu ya tebulo lathu, kuphatikizapo satifiketi ina yomwe tinayenera kuonanso ngati idzakhale isanathe ntchito pa tsiku latsopanolo.

Tebulo lili ndi ntchito ina yomwe mabwana saikonda. Nthawi zina limanena kuti musapikisane. Ngati mzere wogwetsa ukufuna kuti kampani ikhale itagwirapo ntchito ya ndalama zochuluka kuposa zomwe munagwirapo, ndipo palibe kampani ina yoti mugwirizane nayo, ndi bwino kudziwa pa tsiku lachiwiri kusiyana n'kuwononga masabata atatu, inki ndi mafuta. Ndaonapo bwana akulamula kuti palembedwe inde pomwe pali ayi, akuti mwina saona. Amaona. Mzere umenewo ndi womwe uli pa pepala lawo lija. M'danga lomaliza ndimalola mawu atatu okha, Inde, Ayi ndi Pang'ono, ndipo Pang'ono pa mzere wogwetsa amawerengedwa ngati Ayi. Pamwamba pa tebulo ndimaika fomula yowerenga mizere yomwe sinatsekedwe, pamene danga lomalizalo lili pa I:

```
=COUNTA(A2:A74)-COUNTIF(I2:I74,"Inde")
```

Nambala imeneyi ndi yomwe timayamba nayo msonkhano wa m'mawa uliwonse.

Ndinene mosabisa kuti tebulo silipambanitsa tenda. Limangokulowetsani m'bwalo. Mukhoza kutseka mizere yonse 73 n'kupezabe malikisi 62 chifukwa njira yanu yogwirira ntchito ndi yosakhutiritsa, kapena n'kugonja pa mtengo. Palinso matenda ena a olemba okonda tebulo kwambiri: amayankha mzere uliwonse pongobwereza mawu a bungwe, "tidzayeza madzi monga mwanenera", osanena kuti adzatenga madziwo bwanji, adzawasunga mu chiyani, adzakawayezera kuti. Pa mzere wogwetsa kubwereza kotere n'kokwanira nthawi zina. Pa mzere wa malikisi, n'kutaya mapointi.

Kutseka komaliza kusachitike pa kompyuta. Pulopozo ikasindikizidwa ndi kumangidwa, itanani munthu amene sanalembe nawo, kaya ndi mlembi wa pa ofesi, mum'patse mtolowo, inu mugwire tebulo. Muwerenge mzere mokweza, iye atsegule tsamba lomwe mwalemba, aloze ndi chala. Akalephera kuchipeza pa mphindi imodzi, wa komiti amene ali ndi mitolo khumi patsogolo pake sadzachipezanso. Pa mijigo paja, mayi amene anatigwirira mtolo anaima pa mzere 41 n'kunena kuti, "Bambo, apa mwati tsamba 38, koma ine ndikuona mapu." Tinali titawonjezera CV ya katswiri wachinayi uja, masamba onse n'kusuntha ndi atatu. Anapezanso kuti kope limodzi mwa atatu linalibe tsamba la saini, makina atameza mapepala awiri nthawi imodzi.

Ntchito yoloza ndi chala imeneyi inatitengera maola awiri ndi theka. Muisiyire malo ake pa kalendala, dzulo la tsiku lotsekera, osati m'mawa mwake galimoto italira kale panja. Tenda yofika mochedwa, ngakhale ndi mphindi imodzi, imabwezedwa yosatsegula.